Madzi a Pansi pa Thanki Ndiwo Amadya Mphamvu

Aliyense amene anatungapo madzi pachitsime amadziwa kuti madzi akamatsika, chingwe chimatalika ndipo manja amatopa msanga. Pampu yochotsa madzi m'thanki imakumana ndi zomwezo. Madzi apamwamba amatuluka mosavuta, koma apansi amafunika kukwezedwa mtunda wautali. Nanga ntchito yonse imene pampuyo yagwira tingaiwerengere bwanji, poti madziwo sakwera mtunda wofanana?

Asayansi akamanena ntchito amatanthauza mphamvu yonyamulira chinthu kuchulukitsa ndi mtunda umene chinthucho chakwezedwa. Mphamvu amaiyeza m'manyutoni, mtunda m'mamita, ndipo ntchito m'majulo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo dziko limaikokera pansi ndi manyutoni 9.8. Choncho kukweza lita imodzi mita imodzi ndi ntchito ya majulo 9.8.

Njira yake ndi yodula madziwo m'maganizo kukhala zigawo zogona, zosanjikizana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Timadula mopingasa chifukwa madzi onse a m'chigawo chimodzi ali pa kuya kofanana, motero amakwera mtunda wofanana. Tikapeza ntchito ya chigawo chilichonse, timaphatikiza zonse.

Tiyeni titenge thanki yokumbidwa pansi, ya mamita 2 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mamita 3 kuya kwake. Ikadzaza imasunga malita 12,000, ndipo tikufuna kuti madzi onse atulukire pakamwa pake. Tiidule m'zigawo zitatu, chilichonse chochindikala mita imodzi. Chigawo chilichonse chili ndi malita 4,000, omwe amafuna manyutoni 39,200 kuti anyamuke.

Mtunda timauyeza kuchokera pakati pa chigawo kufika pakamwa pa thanki. Chigawo chapamwamba chikwera theka la mita, ndiye ntchito yake ndi majulo 19,600. Chapakati chikwera mita imodzi ndi theka, majulo 58,800. Chapansi chikwera mamita awiri ndi theka, majulo 98,000. Zonse pamodzi ndi majulo 176,400. Taonani kuti madzi a m'zigawozi ndi ochuluka mofanana, koma chapansi chafuna ntchito kasanu kuposa chapamwamba.

Ophunzira masamu a kalikyulasi amadula zigawozo kukhala zopyapyala kwambiri, zosawerengeka, n'kuziphatikiza motere, pomwe x ndi kuya kwa chigawo:

```
W = ∫₀³ 9800 × 4 × x dx = 176,400
```

Apa 9800 ndi manyutoni a malita 1,000, ndipo 4 ndi kukula kwa nkhope ya chigawo, mamita 2 kuchulukitsa ndi 2. Masamu omwewa amasonyeza kuti kuchotsa theka lapamwamba la madziwo kumafuna majulo 44,100 okha. Munthu akaona thanki yafika pakati aziti ntchito yangogwiridwa kota, makota atatu akadali m'tsogolo.

Zigawo zitatu zatipatsa yankho lenileni chifukwa makoma a thankiyi ndi oongoka. Thanki yotambalala kukamwa n'kusongoka pansi ndi nkhani ina, pakuti chigawo chilichonse chili ndi kukula kwakekwake. Pamenepo zigawo zochepa zimangotiyandikitsa ku yankho, ndipo tikamazipyapyalitsa m'pamene timafika pa lenileni. M'thanki yotere madzi ambiri ali pafupi ndi kukamwa, motero ntchito yake ikufanana ndi kukweza madzi onse kota yokha ya kuya kwa thankiyo. Koma ikakhala yotambalala pansi n'kusongoka pamwamba, madzi omwewo amafuna ntchito katatu.

Ambiri amalakwitsa poyeza mtunda. Ena amauyeza kuchokera pansi pa thanki kufika pa chigawo, pamene wofunika ndi wochokera pa chigawo kufika potulukira madzi. Ena amaiwala kuti paipi imapitirira pakamwa pa thanki. M'chitsanzo chathu, paipi ikakwera mita imodzi pamwamba pake, lita iliyonse ikwera mita ina yoonjezera, ndipo ntchito yonse ifika majulo 294,000. Kuti mudziwe ngati mwalondola, gawani yankho lanu ndi manyutoni a madzi onse. Majulo 176,400 kugawa ndi 117,600 akutipatsa mita imodzi ndi theka, pakati penipeni pa thanki. Mukapeza mtunda woposa umene madzi apansi penipeni akwere, dziwani kuti penapake palakwika.

Kumbukiraninso kuti dizilo ndi wopepukirapo kuposa madzi, ndiye 9800 uja sagwira ntchito pa iye. Ndiponso yankho lathu ndi ntchito yochepetsetsa yofunika. Pampu yeniyeni imadya mafuta kapena magetsi oposa pamenepo, chifukwa mphamvu ina imatayika m'injini ndiponso madzi akamakhuzana ndi mkati mwa paipi. Choncho musanagule pampu, musangofunsa kuti thanki yanu imalowa malita angati. Yezani mtunda wochokera pansi pake kufika pamene madzi akatulukire.