Zitenje za £72 zinasanduka £432: mmene ndimasamutsira malonda anga mu tempuleti ya Xero

Sabata yatha mayi wina anandifunsa kumbali kuti, "Akauntanti wanditumizira fayilo yopanda kanthu, ili ndi mitu yokha pamwamba, akuti ndithiremo malonda anga. Ndiyambire pati?" Ndati ndiyankhe pano poti ambiri tikumana nazo. HMRC ikufuna kuti kuyambira pa 6 Epulo 2026 odzilemba okha ntchito amene ndalama zolowa zimapitirira £50,000 pachaka azisunga mabuku pa pulogalamu ya pakompyuta, ndipo mu 2027 malirewo atsikira pa £30,000. Kumbukirani, akuwerenga zolowa zonse osati phindu ayi.

Ine ndimagulitsa zitenje, mpunga wa Kilombero ndi tsabola wa Nali kumashopu a ku Peckham ndi ku Woolwich. Kuyambira kale, ndili pa msewu wa Lilongwe ndi Joni, ndimalemba malonda mwanjira yanga. Pa Excel tsamba langa ndinalitcha Malonda, ndipo lili ndi makolamu asanu: A ndi Tsiku, B ndi Katundu, C ndi Zingati, D ndi Zonse, E ndi Wogula. Tempuleti ya ma invoisi ya Xero ili ndi makolamu oposa makumi awiri, mitu yake ndi yachingerezi, ndiponso imayamba ndi wogula pomwe ine ndimamuika kumapeto. Musachite mantha ndi kuchuluka kwake. Ofunika kudzaza ndi okhawo ali ndi kanyenyezi:

```
*ContactName, *InvoiceNumber, *InvoiceDate, *DueDate, *Description,
*Quantity, *UnitAmount, *AccountCode, *TaxType
```

Enawo, monga a adiresi, asiyeni opanda kanthu, koma musawafufute ndipo musasinthe ngakhale chilembo chimodzi pa mitu.

Ulendo woyamba ndinachita zomwe aliyense angachite. Ndinakopera kolamu ndi kolamu, kumata pomwe ndinaona kuti mayina akufanana. Wogula ku `*ContactName`, Katundu ku `*Description`, Zingati ku `*Quantity`. Kufika pa Zonse ndinaona `*UnitAmount`, mumtima ndikuti basi ndalama ndi ndalama, ndikumata. Fayilo inalowa bwinobwino osadandaula chilichonse. Koma shopu ina yomwe inatenga zitenje 6 za £72 invoisi yake inatuluka £432. Chifukwa chake nchakuti `*UnitAmount` ndi mtengo wa chinthu chimodzi, ndipo pulogalamu imachulukitsa yokha ndi `*Quantity`. Ine ndinaipatsa 72 m'malo mwa 12, iyo inangochita 72 kuchulukitsa ndi 6. Mwayi wake ma invoisi olowa njira imeneyi amayamba akhala pa Draft, ndiye ndinawafufuta asanapite kwa mwini shopu. Akanapita, kaya ndikanamuyang'ana bwanji m'maso munthu amene amanditenga katundu mwezi ndi mwezi.

Kuchokera tsiku limenelo ndisanakhudze kompyuta ndimatenga kaye pepala. Kumanzere ndimalemba mitu ya tempuleti, ndipo pa uliwonse ndimadzifunsa kuti mutuwu ukufuna chiyani kwenikweni, ndipo chinthucho chichokera kuti. Mayankho amatuluka amitundu itatu. Ena amangosamuka mmene alili. Ena ndi oti muwerengere, ngati mtengo wa chimodzi uja. Ena mulibiretu pa tsamba lanu, muyenera kuwapanga nokha.

Tsamba lanu lakale musalisokoneze. Mu fayilo yomweyo tsegulani tsamba lachiwiri, mate mitu ya tempuleti pa mzere woyamba, kenako pa mzere wachiwiri, pansi pa mutu uliwonse, lembani fomula yokoka kuchokera ku tsamba lakale:

```
*ContactName   =Malonda!E2
*InvoiceDate   =Malonda!A2
*DueDate       =Malonda!A2+14
*Description   =Malonda!B2
*Quantity      =Malonda!C2
*UnitAmount    =ROUND(Malonda!D2/Malonda!C2,2)
```

Mukatero kokerani mzerewo pansi mpaka pomwe malonda athera. 14 uyo ndi masiku omwe ine ndimapatsa mashopu kuti alipire, inu ikani anu. Ubwino wake mwezi wamawa simuyambanso pachiyambi, mungothira malonda atsopano ku tsamba lakale, lachiwiri lidzidzaza lokha.

Pa `*AccountCode` ine ndimalemba 200 mizere yonse, yomwe ndi Sales pa maakaunti omwe Xero imabwera nawo. Pa `*TaxType` ndimalemba `No VAT` chifukwa sindinafike pa £90,000 yolembetsera VAT. Awiri awa funsani akauntanti wanu, osangotengera ine, makamaka ngati munalembetsa. Polowetsa mudzafunsidwanso ngati mitengo yanu ili kale ndi msonkho kapena ayi.

`*InvoiceNumber` ndi pomwe pamafunika kudekha. Mizere yonse ya nambala imodzi imakhala invoisi imodzi. Ngati shopu inatenga zitenje, mpunga ndi tsabola tsiku limodzi, imeneyo ndi mizere itatu koma nambala ndi imodzi, ndipo dzina la shopu ndi tsiku zibwerezedwe pa mizere yonse itatu. Mukangokokera manambala pansi, munthu mmodzi alandira ma invoisi atatu. Ine kolamu imeneyi ndimalemba pamanja. Ndimayambanso ndi zilembo, `INV-0045`, chifukwa `0045` yokha Excel imadya ma ziro nkusiya 45. Dzina la shopu nalo lilembeni mofanana nthawi zonse. Mukalemba lero mwanjira ina mawa mwanjira ina, pulogalamu iyesa makasitomala awiri, ngongole nkugawikana.

Ndiye pali masiku. Kuno ku UK 03/04/2025 ndi 3 Epulo, koma laputopu yokhazikitsidwa mwa Chimereka imawerenga 4 Malichi, ndipo siikuuzani. Yang'anani tsiku lopitirira 12, monga 25/04/2025. Ngati lakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe anzake ali kumanja, Excel ikulitenga ngati mawu wamba osati tsiku, ndipo fomula ya `+14` ipereka `#VALUE!`. Zikatero dziwani kuti enawo, omwe akuoneka abwinobwino, mwina atembenuzidwa mwezi ndi tsiku. Konzani kaye zimenezi pa tsamba lakale.

Kanthu kena kakang'ono koma kosowetsa mtendere ndi mitengo yokambirana. Munagulitsa zitatu pa £50. Kugawa kumapereka 16.67, kuchulukitsanso ndi 3 nkukhala £50.01. Kakobiri kamodziko kamachititsa kuti invoisi isagwirizane ndi ndalama yomwe yalowa ku banki. Pa mizere yotere ine ndimaika `*Quantity` 1, mtengo 50, ndipo "zitatu" ndimalemba mu `*Description`.

Posunga, khalani muli pa tsamba lachiwiri lija, sankhani Save As, mtundu wake CSV. Excel ikuchenjezani kuti isunga tsamba limodzi lokha, vomerani, ndi zomwe tikufuna. Koma yambani mwasunga fayilo yanu ya Excel payokha, poti CSV imasunga zotsatira zokha, mafomula amatayika.

Musanalowetse mwezi wonse, yesani ndi mizere isanu, ndipo pakhale invoisi imodzi ya zinthu zingapo. Ndisanasunge CSV ndimayerekezanso manambala awiri pambali. Ngati `*Quantity` ili pa kolamu P ndipo `*UnitAmount` pa Q (onani zilembo za pa tsamba lanu):

```
=SUM(Malonda!D2:D60)
=SUMPRODUCT(P2:P60,Q2:Q60)
```

Awiriwa ayenera kufanana mpaka kakobiri. Ndikatha ndimafufuta mabokosi oyesera aja kuti asalowe nawo mu CSV. Zikalowa, ndimaphatikiza ma invoisi onse a pa Draft, ndipo pokhapokha agwirizane ndi nambala yoyamba ija mpamene ndimadina Approve.