Masampulo 60, koma madambo ndi 6 okha

Wofufuza akamaliza kafukufuku amatumiza lipoti lake ku magazini ya sayansi, ndipo mkonzi amalipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aliwunike, kawirikawiri osadziwika mayina. Ndemanga zawo zikabwera, wofufuzayo amalemba kalata yoyankha mfundo iliyonse payokha. Pa kafukufuku wa madambo pali funso limene limabwerabwera: kodi munayeza malo okwanira kuti munene zimene mwanenazi?

Tiyerekeze kuti wofufuza wina akufuna kudziwa ngati kulima madimba kumachepetsa manyowa achilengedwe m'nthaka ya m'dambo. Wasankha madambo 6, atatu olimidwa ndi atatu osalimidwa, ndipo m'dambo lililonse wakumba malo 10. Ku labotale kwapita masampulo 60. Wawerengera, sanapeze kusiyana koonekeratu, ndiye walemba kuti ulimi suwononga nthakayo.

Owunika akana. Akuti masampulo 10 a m'dambo limodzi ndi apachibale, chifukwa amamwa madzi amodzi, akhala pa thanthwe limodzi, ndipo ng'ombe zimene zimapondapo n'zomwezo. Kulawa ndiwo za mumphika umodzi kakhumi sikukuuza mmene mudzi wonse waphikira. Popeza funso likukhudza madambo, chowerenga ndi madambo, ndipo alipo atatu mbali iliyonse. Vutoli si lachilendo. Mu 1984 katswiri wa zachilengedwe wa ku America, Stuart Hurlbert, anawunika kafukufuku 176 wofalitsidwa kale ndipo anapeza cholakwika chamtunduwu mwa 27 pa 100 aliwonse.

Apa mpamene kalata yabwino imasiyana ndi yoipa. Yoipa imadandaula za ndalama ndi misewu yamatope, kenako n'kuumirira pa 60 yemweyo. Yabwino imavomereza kuti owunika anena zoona, n'kuwerengeranso. Wofufuza amatenga avereji ya dambo lililonse, n'kutsala ndi manambala 6 okha oyerekezera, kapena amagwiritsa ntchito masamu amene amazindikira kuti masampulowo ali m'magulu. Amauzanso owunika tsamba ndi mzere pamene wasintha, n'kuikapo mapu osonyeza pamene anakumba. Mapuwo ndi ofunika, chifukwa dambo silifanana paliponse: pakati pamakhala dothi lakuda lamakande losunga madzi, pamene m'mphepete muli mchenga. Ngati m'madambo ena anakumba m'mphepete mokha poopa kutitimira, ayenera kunena.

Funso lachiwiri ndi la mphamvu ya kafukufuku, kutanthauza mwayi woti kafukufukuyo aone kusiyana ngati kulipodi. Ofufuza ambiri amafuna mwayi wa 80 pa 100. Tinene kuti madambo amtundu umodzi amasiyana okha mwachilengedwe ndi pafupifupi 1 peresenti ya manyowa. Kuti muone kusiyana kwa 1 peresenti pakati pa olimidwa ndi osalimidwa, pafunika madambo pafupifupi 17 mbali iliyonse. Ndi atatu okha, kusiyana kumene mungakugwire modalirika ndi kwa 3 peresenti kapena kuposa. Choncho ulimi ukhoza kukhala utadya 2 peresenti yathunthu, kafukufukuyo osaona kanthu.

Nthawi zina owunika amapempha kuti mphamvuyi iwerengedwe kuchokera pa kusiyana kumene kwapezeka kale. Pamenepa wofufuza ali ndi ufulu wokana mwaulemu. John Hoenig ndi Dennis Heisey anasonyeza mu 2001 kuti kuwerengera kotere kumangobwereza zotsatira zomwe zija m'mawu ena, osawonjezera chilichonse. Chothandiza n'kupereka malire a pamene yankho lenileni lingakhale. Kalata ingati: "Tapeza kuti madambo olimidwa ali ndi manyowa ochepa ndi 0.8 peresenti, koma malire ake akuyambira pa kuchepa kwa 3.1 kufika pa kuchuluka kwa 1.5. Tachotsa chiganizo chonena kuti ulimi suwononga nthaka, ndipo talemba kuti madambo 6 ndi osakwanira kugamula nkhaniyi."

Chiganizo chochotsedwacho ndicho ndimachiona cholemera kuposa zonse m'kalatamo. Kumapweteka kuchifufuta munthu utaponda matope nyengo yathunthu, koma lipoti likasindikizidwa amaliwerenga ndi alangizi a zaulimi ndi okonza ndondomeko za boma, ndipo ambiri amangoona chidule cha pamwamba. Akawerenga kuti palibe vuto, aziuza alimi zomwezo.

Kalata singawonjezere madambo amene sanayezedwe. Wofufuza amene akukonza ulendo wotsatira, ngati ndalama zake zikukwana masampulo 60, ayeze madambo 20, malo atatu m'dambo lililonse. Mafuta a galimoto adzalowa ambiri, koma adzabwera ndi madambo 10 mbali iliyonse m'malo mwa atatu.