"Ati mafuta akwera": wanena ndani?

M'minibasi wina akati, "Ati mafuta akwera mawa," palibe amene amafunsa kuti wanenayo ndani. Mawu oti "ati" amenewa ena amawayesa chibulazi, chiyankhulo cha achinyamata, ena chining'a. Akatswiri a zinenero amaweruza nkhani yotere ndi miyeso iwiri: mawuwo amamveka kangati, komanso auma motani, kutanthauza ngati amalola kusinthidwa m'chiganizo.

Chining'a chimauma ngati gulu. Tengani "kutsina khutu". Mutha kunena kuti "anamutsina khutu" kapena "watsinidwa khutu", tanthauzo la kuchenjeza likadalipo. Koma mukati "anamutsina khutu lakumanzere", chining'a chafa, kwatsala ululu weniweni. Mneni amasintha, dzina silikhudzika, ndipo mutha kutha tsiku lonse osachimva.

Chibulazi sichiuma chotero. "Bho" amalowa ponse pamene "bwino" amalowa: ndili bho, zili bho, tayenda bho. Amamveka kawirikawiri, koma mwa anthu amsinkhu umodzi, pamacheza. Pa maliro simuwamva.

Nanga "ati"? Gwero lake ndi mneni "-ti", wa kunena. Mu "Agogo ati ubwere" akadali mneni wamoyo: wonena alipo, ndipo mutha kusintha n'kuti "agogo anati" kapena "mwana wati". Koma wa m'minibasi uja alibe mwini. Yesani kumusintha: "tati mafuta akwera" ndi nkhani ina, chifukwa tsopano mwauvomera uthengawo kuti ndi wanu. Malo ake ndi amodzi, kutsogolo kwa uthenga, ndipo ntchito yake ndi kungosonyeza kuti izi n'zakumva. Chimene chimamusiyanitsa ndi chining'a n'chakuti iye yekha ndiye wauma, pomwe zotsatira zake zili zomasuka: ati sukulu atseka, ati mkwati wathawa, chiganizo chilichonse. Agogo amamunena, mdzukulu amamunena. Amenewa ndi mawu amene akusanduka galamala, osati chibulazi.

Njirayi si yachilendo. "Kuti" anachokera kwa mneni yemweyu, koma mu "ndikufuna kuti mvula igwe" palibe akuyankhula. Nayenso "-dza-" wa m'tsogolo anachokera ku "kudza", n'chifukwa chake "ndidzapita" sitimumva ngati kubwera ndi kupita nthawi imodzi. Joan Bybee, katswiri wa ku America, wakhala akusonyeza kuti mawu obwerezedwa kwambiri amaperepeseka, pa katchulidwe ndi pa tanthauzo pomwe.

Powerenga kuchuluka m'pamene ambiri amaphonya. Mukawerenga m'nyuzipepala mokha, "ati" adzaoneka wosowa, poti akonzi amamuchotsa. Pofunika kujambula macheza enieni, monga mapologalamu oimba foni pa wailesi. Ndipo chiwerengero chachikulu pachokha sichikwanira: mawu omveka ka 200 mwa anyamata 5 a pa siteji imodzi salingana ndi omveka ka 200 mwa anthu 100 a misinkhu yosiyana. Muziwerenganso padera "ati" wokhala ndi mwini ndi wopanda mwini, chifukwa onse awiri akali ndi moyo m'kamwa mwa munthu mmodzi.