Kuwongola Mutu Usanaikidwe pa Chithunzi China

Nkhope yochotsedwa pa chithunzi chimodzi n'kuikidwa pa china imakhala bwino pokhapokha maso agwirizana. Wokonza amaika kadontho pakati pa diso lililonse, n'kulumikiza timadonthoto ndi mzere. Ngati maso atalikirana mapikiselo 200 chopingasa, koma limodzi lakwera ndi mapikiselo 20, mutuwo wapendekeka pafupifupi madigiri 6. Amauzungulitsa mpaka mzerewo utafanana ndi wa pachithunzi chinacho, kenako amaukulitsa kapena kuuchepetsa kuti maso agwere pamalo pake. Mphuno ndi chibwano ndizo zimaulula cholakwika: zikapatuka maso ali pamalo, ndiye kuti munthuyo anacheukira kumbali pojambulidwa. Apa kuzungulitsa sikuthandiza ngakhale pang'ono, pamafunika chithunzi china chojambulidwa kuchokera mbali yofanana.