Magolovesi si sopo

Ophunzira atsopano akafika mu labotale ya chipatala, maso awo amathamangira pa maikulosikopu ndi makina oyezera magazi. Wowalandira amayamba wawatengera pa sinki. Kumeneko amawauza kuti magazi, makhololo, mkodzo ndi chilichonse chobwera kudzayezedwa azichitenga ngati chili ndi matenda, kaya mwini wake akuoneka wathanzi bwanji.

Nkhani imene amachedwa nayo ndi ya magolovesi, chifukwa ndi amene amapusitsa anthu. Munthu akawavala amadziona wotetezeka, n'kuiwala kuti uve wonse wakakamira kunja kwake. Wagwira kabotolo ka magazi, foni yalira m'thumba, wayankha. Kenako wagwira cholembera, chitseko, wakonza masiki kumaso. Madzulo foni ija ili m'manja mwa mwana kunyumba. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa, ngakhale m'kadontho kosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake foni ndi chakudya zimatsala kunja, ndipo gawuni yoyera ija sapita nayo kokadya.

Kuvula kuli ndi njira yake. Mumatsina golovesi imodzi chakunja, pafupi ndi pamene dzanja limapindikira, n'kuisenda motembenuza kuti kunja kukhale mkati. Mumaifumbata ndi dzanja limene likadali lovala. Kenako mumalowetsa zala zosavala kunsi kwa golovesi inayo, osakhudza kunja kwake, n'kuisenda mpaka itameza inzake. Zonse zimapita m'bini ya zinyalala zopatsira matenda.

Mukatero musambe ndithu, pakuti golovesi imatha kukhala ndi kabowo kosaoneka, ndipo povula khungu limadetsedwa mosadziwa. Bungwe la WHO limati kusamba ndi sopo kuzitenga masekondi 40 mpaka 60, pamene sanitaiza amafuna masekondi 20 mpaka 30. Koma manja akakhala ndi litsiro looneka, sanitaiza sakwanira, pamafunika sopo ndi madzi. Ambiri amatikita zikhatho zokha, n'kusiya chala chachikulu, nsonga za zala ndi mipata yake. Ena amasamba bwinobwino koma n'kutseka mpopi ndi dzanja lomwelo, chonsecho anautsegula lili lakuda. Tsekani ndi chigongono kapena kapepala kopukutira.

Singano yokha golovesi siingaitchinge. Yogwiritsidwa kale ntchito saibwezera chivindikiro, amaiponya m'bokosi la zakuthwa nthawi yomweyo. Ikakubayani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda, osalifinya kapena kulithira jiki, ndipo uzani woyang'anira pompo. Apa ndi pamene atsopano amagwa, amabisa poopa kukalipiridwa. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa mwachangu, maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Wobayidwa Lachisanu madzulo akadikira mpaka Lolemba madzulo, nthawi yamuthera.