Kuchotsa zosokoneza kumbuyo kwa munthu pachithunzi

Kuchotsa zosokoneza ndi ntchito yokonza chithunzi pakompyuta kapena pafoni pofuna kuti zinthu monga mapolo a magetsi, mawaya ndi anthu odutsa zisaoneke kumbuyo kwa munthu wojambulidwa. Kamera sijambula zimene zabisika kuseri kwa polo. Choncho wokonza amaphimba poloyo ndi zidutswa zotengedwa pamalo ena a chithunzi chomwecho.

Zida

Mu pulogalamu ya Adobe Photoshop, chida cha Clone Stamp chimakopera malo amodzi n'kuwaika pena osasintha kanthu. Healing Brush imakoperanso, koma imasakaniza kuwala ndi mtundu kuti zifanane ndi malo ozungulira. Content-Aware Fill, yomwe inayamba mu 2010, imasankha yokha zodzazira. Pulogalamu yaulere ya GIMP ili ndi zida za Clone ndi Heal.

Polo kuseri kwa mutu

Waya wodutsa mumtambo savuta. Wokonza amatenga Spot Healing Brush yokulirapo pang'ono kuposa wayayo, n'kudina kumayambiriro kwake. Kenako amagwira Shift n'kudina kumapeto, ndipo mzere wonse umafufutika.

Polo looneka ngati lamera pamutu ndi lovuta chifukwa limakhudzana ndi tsitsi. Healing Brush ikafika pamenepo imakoka kuda kwa tsitsi n'kusiya banga mumtambo. Pofuna kupewa zimenezi, wokonza amayamba wazunguliza munthuyo ndi Select Subject, kenako amasankha Inverse kuti chida chizigwira kumbuyo kokha. Akatero amagwira Alt n'kudina pamtambo pafupi ndi polo, pamsinkhu womwewo, popeza mtambo umawala kwambiri kumunsi kusiyana ndi kumwamba. Ndiyeno amapaka ndi Clone Stamp mpaka m'mphepete mwa tsitsi, akusintha malo okoperapo pafupipafupi.

Zolakwika zodziwika

Chithunzi chokonzedwa mosasamala chimadziwika ndi tsamba kapena njerwa imodzi yobwerezedwa kangapo, mzere wa khoma wothyoka, kapena mthunzi wa munthu wodutsa wotsala pansi mwini wake atachotsedwa. Ngati wodutsayo anaphimba chinthu chimene sichikuoneka pena paliponse, monga zolemba pachikwangwani, palibe pokopera. N'chifukwa chake ojambula amajambula kangapo asanasunthe kamera, kuti malo obisika pachithunzi china apezeke pa chinzake.

Malire

Pazithunzi za ukwati kapena zapabanja ntchitoyi ndi yololedwa, koma pazithunzi za nkhani ndi yoletsedwa. Pa 4 Meyi 1970, John Filo anajambula Mary Ann Vecchio akulira pafupi ndi mtembo wa wophunzira woomberedwa pa Yunivesite ya Kent State ku Ohio, m'dziko la United States. Kuseri kwa mutu wake kunali mtengo wa mpanda. Pambuyo pake wina anaufufuta, ndipo magazini angapo anasindikiza chithunzi chosinthidwacho kwa zaka zambiri anthu asanazindikire. Masiku ano mpikisano wa World Press Photo sulandira chithunzi chimene chachotsedwa kapena kuwonjezeredwa chinthu.