Bajeti inati izi, ndalama zinayenda mwina: kulemba chifukwa chake mu lipoti la miyezi itatu

Mabungwe ambiri ogwiritsa ntchito ndalama za anthu ena, kaya ndi za opereka thandizo, za mpingo kapena za mamembala, amapereka lipoti la zachuma miyezi itatu ikatha. Pepala loyamba la lipotilo limakhala la manambala. Pa chinthu chilichonse amalemba ndalama zomwe zinaikidwa mu bajeti, zomwe zagwiritsidwadi ntchito, ndi kusiyana kwa ziwirizi. Kuseri kwake kumabwera mawu ofotokoza chomwe chachititsa kusiyanako. Ine ndikalandira lipoti ndimayambira kumawuko, chifukwa manambala amangondiuza kuti pasiyana, pomwe mawu ndiwo amandisonyeza ngati eni ntchito akudziwa zomwe zikuchitika pakhomo pawo.

Nthawi zambiri ndimapeza mzere umodzi wokha: “Tagwiritsa ntchito ndalama zambiri chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu.” Mzere wotere umandidandaulitsa. Mwina ndi woona ndithu, koma sutchula chinthu chomwe chinakwera, sunena kuti chinakwera liti ndi zingati, ndipo wowerenga sangadziwe ngati mtengo wokhawo ndi umene wadya ndalama zonsezo.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma cha mitengo yeniyeni. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo m'mwezi womwewo dizilo anakwera kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Tsono tinene kuti bungwe laling'ono lophunzitsa alimi linali litakonza kugula malita 1,000 a dizilo kuyambira Okutobala mpaka Disembala, pa mtengo wakale uja. Bajeti ya mafuta inali K1,920,000. Miyezi itatu itatha, malisiti anasonyeza K2,955,200. Kusiyana kwake ndi K1,035,200, kapena kuti pafupifupi 54 peresenti pamwamba pa bajeti.

Apa mpamene ambiri amathamangira kutchula kugwa kwa kwacha n'kutseka nkhani. Akauntanti wosamala amatulutsa malisiti onse ndi buku lolembamo maulendo a galimoto, n'kuwerenga malita. Akupeza kuti anagula malita 1,200, osati 1,000. Mwa amenewa, 400 anagulidwa mtengo usanakwere ndipo 800 anagulidwa utakwera. Lita iliyonse inakwera ndi K814, choncho pa malita 800 aja mtengo watsopano wawonjezera K651,200. Ndalama zotsalazo, K384,000, ndi za malita 200 omwe sanali mu bajeti, tikawawerengera pa mtengo wakale. Kugwa kwa kwacha sikungayankhe mlandu wa malita amenewa. Galimoto inayenda maulendo ochuluka kuposa omwe anakonzedwa, ndipo pali munthu amene anawaloleza.

Kulekanitsa mtengo ndi kuchuluka kwa zomwe zagulidwa ndiko mtima wa ntchito yonseyi. Mtengo umakwera bungwe lisanafunsidwe, ndipo palibe angalidzudzule. Koma kuchuluka kwa malita kuli m'manja mwa oyendetsa ntchito, ndipo akuyenera kuyankhapo. Mwina anawonjezera midzi iwiri yomwe mafumu anapempha. Mwina mafuta a pulojekiti ina analowetsedwa pamzere uno molakwitsa, zomwe zimachitika kawirikawiri bungwe likakhala ndi galimoto imodzi yogwira ntchito za opereka thandizo angapo. Ngati ndi choncho, kufotokoza sikukwanira, ayenera kukonza m'mabuku. Mwinanso mafuta akutuluka m'tanki usiku. Mzere uja wa “kukwera mitengo” umafunditsa zonsezi bulangete limodzi.

N'chifukwa chake akauntanti sayenera kulemba mawuwa ali yekha pa ofesi. Iye amadziwa kuti ndalama zinatuluka, koma wodziwa chifukwa chake ndi mlangizi amene amapita kumidzi. Tinene kuti atakhala pansi awiriwa apeza kuti nkhani ndi ya midzi iwiri ija. Mawu oyenera angamveke motere: “Pa mafuta tapitirira bajeti ndi K1,035,200. Mwa ndalamazi, K651,200 zabwera chifukwa dizilo anakwera ndi K814 pa lita mu Novembala. K384,000 ndi za malita 200 oyendera midzi iwiri yomwe tinawonjezera, opereka thandizo atavomera mwa kalata. Mtengo ukakhala pomwepa, malita 1,000 a miyezi itatu ikubwerayi adzadya K814,000 pamwamba pa bajeti, ndipo tikupempha kuti mzerewu uwonedwenso.” Ziganizo zinayi zokha, koma wowerenga wadziwa zomwe zinachitika, amene analoleza, ndi zomwe zikubwera.

Palinso msampha wina womwe ndaona mamembala a bodi akugweramo akumwetulira: mzere womwe ndalama zatsala. Bungwe lomwelo linaika K3,000,000 zophunzitsira alimi m'magulu atatu, koma zinatuluka ndi K1,000,000 zokha. Wina pamsonkhano amati, “Apa ndiye tapulumutsa ndalama.” Ayi ndithu. Gulu limodzi lokha ndi lomwe linaphunzira. Mvula itagwa, alimi anali m'minda kudzala, ndipo maphunziro a magulu awiri anakankhidwira mu Januwale. K2,000,000 zija zili ndi ntchito kale, zangochedwa kutuluka. Lipoti liyenera kunena zimenezi poyera, ndi kutchula mwezi womwe ntchitoyo idzachitike. Chimodzimodzi pamene ntchito yatha koma invoisi ya woigwira sinafike: ndalama zimaoneka ngati zatsala pomwe ili ndi ngongole. Kupulumutsa kwenikweni kumakhalapo pokhapokha ntchito yonse itagwiridwa pa mtengo wotsikirapo, monga pamene sukulu yapereka holo yaulere m'malo mwa yolipira.

Tsopano phatikizani mizere iwiriyi. Bajeti yake ndi K4,920,000 ndipo zotuluka ndi K3,955,200. Woyang'ana pansi pa pepala pokha aona kuti kwatsala K964,800, n'kugona tulo tabwino. Koma maphunziro aja akadzachitika mu Januwale, zotsalazo zidzatha ndipo bowo la mafuta lidzaonekera lonse. Nambala yapansi yabisa mavuto awiri chifukwa limodzi laphimba linzake.

Si kusiyana kulikonse kofunika kukulembera ndime. Opereka thandizo ambiri amaika malire, kawirikawiri 10 peresenti pa mzere uliwonse, ndipo malirewo amalembedwa mu mgwirizano womwe bungwe linasayina. Komabe peresenti payokha imasocheretsa. Mapepala a K20,000 akagulidwa pa K30,000, kusiyana kwake ndi 50 peresenti, koma ndi K10,000 chabe. Malipiro a antchito a K40,000,000 akapitirira ndi 4 peresenti, zapita K1,600,000 ngakhale kuti malire aja sanafikidwe. Ine ndingafune kumva za malipirowo kusiyana ndi za mapepala.

Mukapatsidwa lipoti lotere pa msonkhano wa bodi, wa komiti ya sukulu kapena wa kopaletivi yanu, funsani kuti akubweretsereninso la miyezi itatu yapitayo, muwaike pamodzi. Ngati lakale linati ntchito yakankhidwira mu Januwale, onani ngati inachitikadi mu Januwale. Ndipo mukapeza kuti mawu ofotokoza mzere wina ndi omwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, musavomereze lipotilo mpaka atakuonetsani malisiti.